Kuyesa chinyontho m'dimba la tomato: chala, kamtengo ndi mita

Munthu akamathirira tomato amaona pamwamba pa dothi, pomwe mizu imene ikumwa madziwo ili pansi. Tomato amene watha milungu 6 chiwokereni amamwa madzi ambiri pakati pa masentimita 10 ndi 30 kupita pansi, ndipo mizu ina imapitirira pamenepo. Choncho poyesa chinyontho, chofunika kudziwa ndi pamene madzi afika komanso kuchuluka kwa amene atsala pomwe pali mizu. Chala, kamtengo ndi mita yoyesera chinyontho, chilichonse chimangonena za dothi limene chakhudza. Kulakwitsa kwambiri kumachokera apa: munthu ayesa pamwamba, n'kuganiza kuti wayesa bedi lonse.

Musanayese chilichonse, dziwani dothi lanu. Lamchenga limalowetsa madzi msanga koma silisunga ambiri, ndipo ngakhale litanyowa silimata kwenikweni. Katondo amasunga madzi bwinoko ndipo amaumbika akanyowa. Makande a kudambo amasunga madzi ochuluka kwambiri, koma ena mwa madziwo amawagwira zolimba moti mizu imalephera kuwakoka. Makande angamveke ozizira ndi onyowa m'manja pomwe tomato wayamba kale kuvutika. Ndiye chizindikiro chimodzimodzi chimatanthauza zosiyana malinga ndi dothi.

Nthawi yoyesa ndi m'mawa, musanathirire. Mukayesa mutangothirira kumene, madzi amakhala asanalowerere ndipo chilichonse chikuuzani kuti panyowa. Malo oyesa ndi masentimita 10 kapena 15 kuchokera patsinde, osati patsinde penipeni pomwe mumathira madzi, komanso osati m'mphepete mwa bedi momwe mumauma msanga chifukwa cha mphepo ndi dzuwa. Pa bedi limodzi yesani malo atatu: kumutu, pakati ndi kumapeto. Mabedi ambiri amapendekeka pang'ono ngakhale maso asakuona, ndipo madzi amathamangira kumunsi.

Chala

Kankhirani pambali maudzu ophimbira, mulowetse chala cha mkombaphala chilili mpaka chonse chibisike. Chala cha munthu wamkulu chimafika masentimita 7 kapena 8, ndipo mfundo yachiwiri imakhala pa masentimita 5. Mverani kunsonga kwa chala, osati kumene chala chakhudza pamwamba. Mukatulutsa, yang'anani ngati dothi lamata pakhungu ndipo lada, kapena ngati langosiya fumbi limene likuyoyoka mukapukusa.

Pa nazale, chala n'chokwanira ndipo palibe chochiposa. Mbande za tomato, mpiru kapena anyezi zimene zangomera zili ndi mizu yosapitirira masentimita 5, choncho chala chikufika pomwe pali mizu. Dothi likauma mpaka mfundo yoyamba, thirirani. N'chimodzimodzinso ndi mbewu za m'timachubu ndi m'timiphika ting'onoting'ono, ngakhale kuti pamenepo kunyamula kamphikako n'kumva kulemera kwake kumanena zoona kuposa chala.

Pa tomato wamkulu chala chimanama mbali ziwiri. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likaswa mtengo, masentimita 5 apamwamba amatha kuuma tsiku limodzi pomwe pansi pali chinyontho chokwanira masiku awiri kapena atatu. Wodalira chala amathirira tsiku lililonse, n'kutaya mphamvu ndi feteleza amene amatsukikira pansi. Mbali ina ndi ya munthu amene amawaza madzi pang'onopang'ono m'mawa uliwonse: pamwamba pamakhala ponyowa nthawi zonse, chala chimavomereza, koma pansi pauma gwa.

Palinso vuto la khungu. Khungu limamva kuzizira kuposa kunyowa, moti dothi lozizira limamveka ngati lonyowa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kumalo ozizira ngati Dedza, ku Bvumbwe kapena kumtunda kwa Ntcheu, dothi louma limatha kukupusitsani m'mawa. Mukakayika, musadalire mmene chala chikumvera. Tsinani dothilo mulifikise pakati pa zala ziwiri, muone ngati likugwirana.

Kukumba ndi kufumbata

Dzanja lomweli limakhala lodalirika kwambiri likathandizidwa ndi khasu laling'ono kapena chikwanje. Kumbani kadzenje kopapatiza kofika masentimita 20, pakati pa mitengo iwiri ya tomato kuti musadule mizu yambiri. Tengani dothi lodzaza chikhatho kuchokera pansi pa dzenjelo, mulifumbate mwamphamvu kamodzi, kenaka tambasulani dzanja.

Tiyambe ndi katondo. Ngati madzi akutuluka pakati pa zala, dothilo lakhuta mopitirira ndipo mizu ikusowa mpweya, musathirire. Ngati madzi sakutuluka koma chikhatho chatsala chonyowa, dothi laumbika bwino ndipo zala zadinda, ndiye kuti lasunga madzi onse amene lingathe kusunga. Ngati laumbika koma mukalikhudza ndi chala chachikulu likung'aluka m'zidutswa zingapo, pafupifupi theka la madzi amene mbewu ingamwe latha, ndipo nthawi yothirira tomato yakwana kapena yangopitirira kumene. Ngati likukana kuumbika, likungoyoyoka, mwachedwa.

Pa dothi lamchenga musayembekeze kuti liumbika zolimba. Likagwirana pang'ono n'kusiya timchenga tonyowa pachikhatho, lili bwino. Likayoyoka mutangotambasula dzanja, thirirani. Pa makande, kuumbika sikutanthauza kanthu chifukwa amaumbika ngakhale atayamba kale kuuma. Apa fikisani dothi pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala, mukulikankhira kutsogolo kuti lituluke lophwatalala ngati kalamba. Likatuluka mosavuta n'kutalika masentimita angapo, madzi alipo. Likamaduka lisanatalike, kapena likafuna mphamvu kuti lifikisike, thirirani.

Njira imeneyi ndi imene muziyesera nayo zinazo. Kuipa kwake n'kwakuti imatenga nthawi ndipo simungakumbe bedi lomwelo tsiku lililonse. Kamtengo ndi mita zimabwera kudzachepetsa kukumbako.

Kamtengo

Kamtengo kabwino n'kouma, kosapaka utoto kapena vanishi, koyera bwino, konenepa ngati pensulo, kotalika masentimita 40 kapena 50. Nsungwi youma yong'alula n'kuipala ndi mpeni imachita bwino. Mtengo wauwisi suthandiza chifukwa uli kale ndi madzi ake, ndipo wakhungwa subwera ndi chizindikiro chooneka. Songolani mbali imodzi, ndipo lembani timizere ndi mpeni pa masentimita 10, 20 ndi 30 kuchokera kunsonga.

Lowetsani kamtengoko chilili mpaka mzere wa 30, mosagwedeza, chifukwa mukagwedeza bowo limakula ndipo mtengo sukhudzanso dothi. Kasiyeni mphindi 5 kapena 10 pamene mukugwira ntchito ina. Mukazula, zulani pang'onopang'ono, n'kuwerenga monga amayi amachitira poyesa chigumu ngati chapsa: pomwe mtengo wada ndipo dothi lamata, panyowa, pomwe watuluka woyera, pauma. Kumbukirani kuti nsonga ndiyo inali pansi. Kamtengo kakada kumtunda kokha, nsonga ili mbee, madzi anu sakufika pa mizu. Kakada kunsonga koma kumtunda kuli koyera, pamwamba pokha ndi pomwe pauma, ndipo mukhoza kudikira.

Pali chinthu china chimene kamtengo kamanena musanakazule n'komwe: mmene kakulowera. Dothi lonyowa limalola mtengo kulowa mosavuta, ndipo ukafika pomwe madzi analekezera umaima ngati wagunda chinthu. Gwirani ndi zala pamene palekezera dothi, muzule, muyese utali wake. Mwadziwa kuya kumene madzi anafika. Ena amachita zimenezi ndi kachitsulo kozungulira kopindika kumutu kuti kagwirike, ndipo m'dothi lolimba chitsulo chimaposa mtengo. Chenjerani ndi mwala, kapena dothi logogomezeka limene limakhala pansi pa pomwe khasu limafika chaka ndi chaka. Zimenezi zimaimitsa mtengo ngakhale panyowa. Mukaima pa kuya kofanana malo atatu kapena anayi, kumbani kamodzi muone ngati chakuimitsani ndi kuuma kapena kulimba kwa dothi.

Malire a kamtengo ndi awa. Kamasiyanitsa ponyowa ndi pouma, koma sikasiyanitsa bwino dothi lokhuta ndi limene latsala ndi theka, pomwe kusiyana kumeneko ndi kumene kumakuuzani tsiku lothirira. Mu mchenga kamatuluka koyera ngakhale chinyontho chilipo, ndiye muziyang'ana kuda kwa mtengowo, osati dothi lomata. M'makande kamatuluka kodzola matope kuyambira pamwamba mpaka pansi, chifukwa pozula kamadutsa m'dothi lonyowa la pamwamba n'kupakika. Pukutani ndi chala muone ngati mtengo weniweniwo wamwa madzi. Ndipo kamtengo kamene mwayesera bedi loyamba kanyowa kale. Khalani nato tinayi kapena tisanu, muzitiyanika mukamaliza. Ngati bedi lina lili ndi tomato wofota ndi matenda, kamtengo ka pamenepo kasapite pa mabedi ena, poti matenda a m'dothi amayenda ndi matope omwewo.

Mita

Mita imene anthu ambiri amagula ndi ija yotchipa, yokhala ndi kachitsulo kamodzi kapena tiwiri totalika pafupifupi masentimita 20, ndi muvi umene umayenda pa manambala 1 mpaka 10. Nthawi zambiri 1 mpaka 3 pamalembedwa DRY, kutanthauza pouma, 4 mpaka 7 MOIST, kutanthauza pachinyontho, ndipo 8 mpaka 10 WET, kutanthauza ponyowa. Siifuna batire. Kunsonga kwake kuli zitsulo ziwiri zosiyana, ndipo zikakhudza dothi lonyowa zimatulutsa timagetsi tochepa timene timayendetsa muviwo.

Apa m'pamene pagona nkhani: mitayi siyesa madzi, imayesa mmene magetsi akuyendera m'dothi. Magetsi amayenda bwino madzi akachuluka, koma amayendanso bwino mchere ukachuluka, ndipo mitayo singasiyanitse ziwirizi. Feteleza wa mitundu yambiri ali m'gulu la mchere. Mukangothira CAN kapena NPK, muvi umakwera ngakhale chinyontho chisanasinthe. Manyowa a nkhuku amachitanso chimodzimodzi. Kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, komwe malo ena dothi ndi madzi a pamjigo zili ndi mchere, mita yotere imatha kuloza WET pa dothi limene likuyoyoka m'manja. Kwina imalakwitsa mobwerera: mu mchenga wopanda chonde, kapena m'dothi la m'miphika losakaniza ndi utuchi, makoko a mpunga kapena makungwa, nsonga sikhudza dothi mokwanira chifukwa cha mipata ya mpweya, ndipo muvi umatsika pomwe panyowa. Mukaiviika m'kapu ya madzi a mvula, mita zina sizifika n'komwe pa 10. Thirani kamchere pang'ono muone muvi ukulumpha.

Sikuti mita n'njachabe. Ingofunika kuiphunzitsa dothi lanu. Sankhani malo amodzi pa bedi, muthirire mpaka madzi alowe kupitirira masentimita 30, muphimbe ndi maudzu. Dikirani tsiku limodzi ngati ndi mchenga, masiku awiri ngati ndi katondo kapena makande, kuti madzi owonjezera atsike. Yesani pa masentimita 20 ndipo lembani nambalayo. Imeneyo ndiyo nambala ya dothi lokhuta pa bedi limenelo, kaya ndi 9 kaya ndi 6. Kenaka m'mawa uliwonse yesani ndi mita, mukumbe pambali pake n'kufumbata. Tsiku limene dothi layamba kung'aluka mukalikhudza, lembaninso nambala. Imeneyo ndiyo nambala yanu yothirira. Zolembedwa pa mita zija musazitsatire. Manambala awiriwa ndi a dothi limenelo basi. Mukasamukira ku bedi la dothi lina, kapena mukathira feteleza wobereketsa, yambiraninso.

Poyesa, pukutani nsonga ndi nsanza youma, mulowetse chilili pang'onopang'ono, mudikire mphindi imodzi kuti muvi ukhazikike. Werengani pa masentimita 10, mukankhenso mpaka 20 muwerengenso. Dothi likalimba musaikakamize, nsonga imathyoka kapena kupindika. Boolani kaye ndi kamtengo kocheperapo mpaka pafupi ndi pomwe mukufuna, kenaka nsonga ilowe yokha m'dothi losakhudzidwa. Mukamaliza izuleni, muipukute. Mukaisiya m'dothi nsonga imachita dzimbiri ndipo imayamba kuwerenga motsika. Nsonga ikathimbirira, ikwecheni pang'ono ndi sitiliwulu.

Pa masikimu ena a ulimi wothirira m'Malawi muno alimi agwiritsapo ntchito chipangizo chotchedwa Chameleon, chimene chinapangidwa ndi bungwe la CSIRO la ku Australia. Timasensa take, tizipangizo tomva chinyontho, timakwiriridwa pa kuya kosiyanasiyana n'kukhala komweko nyengo yonse, ndipo chimaonetsa mitundu: buluu ngati panyowa, wobiriwira ngati pali pakatikati, wofiira ngati pauma. Chimayesa mphamvu imene mizu ikufunika kuti ikoke madzi, n'chifukwa chake mtundu umodzi umatanthauza pafupifupi chimodzimodzi mu mchenga ndi m'makande. Chimenechi ndi chinthu china, tisachisokoneze ndi kamita ka muvi.

Bedi limodzi, njira zonse pamodzi

Tiyerekeze bedi la katondo, mita imodzi m'lifupi, mamita 10 m'litali, kumapeto kwa Seputembala. Tomato akuchita maluwa ndipo zipatso zoyamba zagwira. Mlimi amathira makheni atatu a malita 10 m'mawa uliwonse, ndipo masiku anayi apitawo anathira CAN. Masana masamba akufota, ndipo zipatso zina zayamba kuda kunsi.

Chala chikulowa m'dothi lozizira, lonyowa mpaka mfundo yachiwiri. Mita pa masentimita 5 ikuloza 8. Munthu akalekera pomwepa anena kuti madzi akwana, mwina achuluka, ndiye ayamba kufunafuna mankhwala opopera. Koma kamtengo kakulowa mosavuta masentimita 6 okha, kenaka kakufuna mphamvu, ndipo pozula kada kumtunda kokha. Mita pa masentimita 20 ikuloza 3, pomwe nambala ya dothi lokhuta pa bedi limeneli inali 7. Dothi la pa masentimita 20 likukana kuumbika. Chala sichinaname za pamene chinafika. 8 uja wa pamwamba mbali ina ndi madzi a dzulo, mbali ina ndi CAN.

Masamu ake ndi osavuta. Lita imodzi pa malo a mita imodzi mbali zonse ndi milimita imodzi ya madzi, choncho makheni atatu pa bedi limeneli ndi mamilimita 3. Nyengo yotentha chonchi, tomato wamkulu pamodzi ndi dzuwa zimachotsa mamilimita 5 kapena 6 patsiku. Tsiku lililonse pakupelewera mamilimita 2 kapena 3, ndipo mbewu ikuwatenga pa nkhokwe ya pansi. Katondo wotere amasunga pafupifupi mamilimita 45 a madzi omweka m'masentimita 30 apamwamba. Pakatha masiku 10, pafupifupi theka kapena kuposerapo latha. Kuda kunsi kwa zipatso kumabwera chifukwa kashiamu, chakudya cha mbewu chimene chipatso chimafuna, amayenda ndi madzi kupita ku chipatso. Madzi akamadukiza, mbali ya kunsi ndi imene imaperewedwa. Si matenda opopera mankhwala a chiwawu.

Kuti bedi libwerere, pakufunika makheni pafupifupi 25. Musathire onse nthawi imodzi: dothi louma silimwa msanga, madzi amangothawira m'ngalande, ndiponso zipatso zokhwima zimang'aluka zikalandira madzi ambiri mwadzidzidzi. Gawani kawiri kapena katatu, madzulo, m'mawa mwake ndi madzulo enanso. Pakapita tsiku lowetsani kamtengo. Kakalowa mosavuta mpaka mzere wa 30 n'kutuluka kakuda mpaka kunsonga, mwafika. Kakaima pa 20, onjezerani makheni ena 8 kapena 10.

Kuyambira pamenepo thirirani makheni 15 mpaka 18 pakapita masiku atatu, ndipo phimbirani ndi maudzu kuti pamwamba pasamaume msanga. Tsiku lachiwiri chala chidzakuuzani kuti pauma. Musachimvere, funsani kamtengo kapena mita pa masentimita 20. Likanakhala bedi lamchenga, limene limasunga pafupifupi theka la madzi amenewa, bwenzi mukuthira makheni 10 kapena 12 pakapita masiku awiri, chifukwa owonjezera amangodutsa mizu n'kupita pansi. Manambalawa ndi poyambira chabe. Kukachita mitambo kapena kukawomba mphepo yotentha amasintha, n'chifukwa chake kufumbata dothi kamodzi pa sabata sikutha.

Kufota kwa masamba pakokha si umboni wa ludzu. Tomato amatha kufota masana kukatentha kwambiri ngakhale pansi pali chinyontho, n'kudzuka dzuwa likapendeka. Yang'anani m'mawa. Akafota m'mawa pomwe dothi la pa masentimita 20 likudontha mukalifumbata, mizu yatsamwa ndi madzi. Lekani kuthirira ndipo tsegulani ngalande. Ngati dothi lili bwino koma mtengo umodzi kapena iwiri yafota mwadzidzidzi masamba akadali obiriwira, dulani tsinde pafupi ndi dothi muliviike m'kapu yagalasi ya madzi oyera. Mukaona tinthu toyera ngati utsi tikutsika kuchokera podula paja, ndi matenda ofotetsa a bakiteriya. Zulani mtengowo ndi dothi la pa mizu yake mukautaye kutali ndi dimba, ndipo madzi a pa bedi limenelo asamayenderere ku mabedi ena.